Dzenje la gelevulo likatha ntchito: njira yolibwezera kukhala munda

Msewu wa tara uliwonse uli ndi maenje ake. Mukapatuka pang'ono pamsewu watsopano, mamita mazana awiri kapena atatu kulowa m'minda, mupeza chidzenje chofiira chomwe anakumbamo gelevulo woyala pansi pa tarayo. Makoma ake amakhala chilili ngati a nkhuti youmbira njerwa, koma akuya kuposa msinkhu wa munthu wamkulu, ndipo pansi pake ndi pouma gwa chifukwa cha matipa omwe ankapondapo miyezi yambiri. Dzinja likafika madzi amadikha m'menemo. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda madzi otere, osaya ndi owombedwa dzuwa. Nkhono za likodzo zimatha kukhazikikamo, ana amapita kukasambira, ndipo mwana akaterereka pakhoma lonyowa la dothi lofiira sapeza pogwira. Mwini malowo anapatsidwa kandalama tsiku limodzi, koma munda wake watha.

Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu monga misewu ziyambe zaunikidwa ndipo zikhale ndi dongosolo lokonzera zomwe zawononga, ndipo mapangano a ntchito za misewu kawirikawiri amalamula kontirakitala kuti akonze maenje ake asanachoke. Chimene chimavuta n'chakuti eni malo ambiri, ngakhalenso mafumu, sadziwa maonekedwe a dzenje lokonzedwa bwino. Katapila akabwera n'kukankhira milu iwiri m'kati, wina n'kudzala mbande za bulugamu makumi angapo, anthu amasayina kuti ntchito yatha. Ikagwa mvula yachiwiri mbande zija zauma, zigwembe zayamba.

Ine ndikuona kuti kukonza dzenje kumapambana kapena kulephera pa tsiku loyamba lokumba, pamene katapila akuchotsa dothi lapamwamba. Zina zonse zimadalira zimene zachitika tsiku limenelo.

Tiyerekeze dzenje wamba la gelevulo kumtunda kwa chigwa cha Lilongwe kapena Kasungu: mamita 100 m'litali, mamita 50 m'lifupi, kuya mamita atatu. Ndi theka la hekitala, kuposa ekala pang'ono. Pamwamba pa malo amenewa pali dothi lakuda kapena lotuwa, lofewa, lokhala ndi mizu, lomwe nthawi zambiri silipitirira masentimita 15 kapena 20. Pansi pake pali dothi lofiira la katondo, kenako gelevulo amene kontirakitala akufuna. Tikachotsa masentimita 15 pamalo onsewo, dothi lapamwambalo likwana makyubiki mita 750, omwe ndi matipa 75 onyamula makyubiki mita khumi iliyonse. Chuma cha mwini munda ndi matipa 75 amenewo.

Dothi lapamwamba ndi lamoyo. Muli njere za udzu ndi zitsamba zomwe zakhala zikugwa pamalopo kwa zaka zambiri, ndipo zambiri mwa njerezo zili m'masentimita asanu kapena khumi oyambirira. Muli zowolerana zimene zimasunga chinyezi, muli nyongolotsi, muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timathandiza mbewu za mtundu wa nyemba kutenga chakudya kuchokera mumpweya. Mulinso timizu toyera ta bowa timene timalumikizana ndi mizu ya mitengo. Msuku ndi mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu za miombo imadalira bowa ameneyu, n'chifukwa chake imavuta kwambiri kukula pa dothi lofiira lapansi. Chilengedwe chimatenga zaka mazana kupanga masentimita ochepa a dothi lotere, koma katapila amatha kulisakaniza ndi katondo n'kulitaya lisanafike dzuwa paliwombo.

Choncho pochotsa pafunika milu iwiri yosiyana: wina wa dothi lapamwamba, wina wa dothi lofiira losafunika. Woyendetsa katapila aziona mtundu wa dothi. Likayamba kufiira, waima. Asachotse dothi lili chinyowere, chifukwa lonyowa likapondedwa ndi makina limagwirana n'kusanduka zibuma zosalowa mpweya.

Mulu wa dothi lapamwamba ukhale wautali ngati mzere, wosapitirira mamita awiri kutalika, ndipo ukatsika kuposa pamenepo ndi bwino koposa. Chifukwa chake ndi mpweya. M'kati mwa chimulu chachitali mpweya sufika, ndipo zamoyo zonse zija zimafa. Mukakumba mulu umene wakhala zaka ziwiri mumapeza kunja kuli dothi labwino, koma m'kati lasanduka lotuwa, lamatamata, lonunkha ngati matope a m'dambo. Dothi likakhala pamulu miyezi yoposa isanu ndi umodzi limayamba kutha mphamvu, ndipo likadutsa chaka latayika kwambiri. Ngati ntchito itenga nthawi yaitali, mwini munda adzale kalongonda kapena khobwe pamulupo kuti mizu isunge moyo ndipo masamba aphimbe dothi. Njira yoposa zonse ndi yokumba dzenje m'zigawo: gawo loyamba likatha, dothi lochotsedwa pagawo lachiwiri liziyalidwa pomwepo tsiku lomwelo, osaunjikidwa n'komwe. Amigodi ikuluikulu amene amasamala amachita zimenezi, ndipo palibe chomwe chingaletse kontirakitala wa msewu kuchita chimodzimodzi.

Mulu umenewu umafunikanso mlonda, ndipo mlonda wake ndi mwini munda. Dothi lakuda limagulitsika m'tauni kwa odzala kapinga ndi maluwa, ndipo nthawi zina woyendetsa tipa amalitenga kukakwirira dzenje lina pamsewu. Tipa iliyonse yochoka ndi gawo la munda lomwe silibweranso.

Gelevulo akatha, ntchito yoyamba si kubweza dothi. Ndi kugwetsa makoma. Khoma loima chilili silimera kanthu ndipo limagumuka lokha chaka ndi chaka, kudya munda woyandikana nalo. Muyezo umene ambiri amatsata ndi wakuti potsika mita imodzi, malo atambalale mamita atatu. Pamalo otsetsereka motere munthu amayenda wosagwira pansi, ng'ombe imatsika n'kukwera, mwana wogwera m'madzi amatuluka, ndipo dothi loyalidwapo limakhazikika. Khoma lathu la mamita atatu lifunika mamita asanu ndi anayi kuti ligone bwino.

Sikuti pafunika dothi lochokera kwina lodzaza mamita asanu ndi anayiwo. Katapila amadula theka lapamwamba la khoma n'kulikankhira m'munsi: amabwerera m'mbuyo mamita anayi ndi theka kuchoka m'mphepete, ndipo zomwe wadulazo zimadzaza mamita anayi ndi theka m'kati mwa dzenje. Apa pali msampha umene umagwira ambiri. Popeza dzenje likula mamita anayi ndi theka mbali zonse, dothi lapamwamba la m'mbalimo liyenera kuyamba lachotsedwa, apo ayi likwiririka pansi pa katondo. Komanso mulu uja ukaikidwa m'mphepete penipeni mwa dzenje, monga ambiri amachitira kuti asavutike, umakhala woyamba kugwera pansi ndipo dothi lofiira limabwera pamwamba pake. Mapeto ake munda umakhala chadodolido, chonde pansi, katondo pamwamba. Mulu ukhale mamita khumi kapena kuposerapo kuchoka m'mphepete, ndipo popimira malo ndi kukambirana chipukutamisozi, gawo lowonjezerali liwerengedwe kuyambira pachiyambi.

Kuyeza kutsetsereka sikufuna injiniya. Tengani nsungwi yowongoka ya mamita atatu, nsonga imodzi igunde pansi kumtunda, ina muikweze mpaka nsungwi igone mofanana, poikapo levulo ya amisiri omanga. Kuchoka kunsonga yokwezedwayo kufika pansi pasapitirire mita imodzi. Pakapitirira, katapila abwerere.

Kenako madzi. Madzi ochokera kumtunda asalowe m'dzenje kudzera pamakoma atsopanowa, chifukwa dothi lokankhidwa kumene silinagwirane ndipo mvula imodzi yamphamvu imalidula. Pafunika ngalande kumtunda yowapatutsa, yowatsitsa pang'onopang'ono kukathera pamalo a udzu, osati m'munda mwa mnzako. Madzi ogwera m'dzenje momwemo nawonso apeze potulukira. Ngati dzenje lili pamalo otsetsereka, adule khoma lakumunsi kuti patseguke, pansi pa dzenje papendekeke pang'ono, mita imodzi kapena iwiri pa mamita 100, ndipo potulukirapo ayalepo miyala kuti pasayambe chigwembe. Ngati dzenje lili pachidikha moti madzi sangatuluke, ndi bwino kuvomereza zoona kuti pakhala dziwe, n'kulikonza ngati dziwe: madzi asonkhane kumbali imodzi yakuya m'malo momwazikana m'zithaphwi, mbali yomwera ziweto igone kwambiri kuposa muyezo uja, ndipo mudzi ugwirizane za mpanda. Zithaphwi zosaya zambirimbiri ndiye zoswetsa udzudzu kwambiri.

Pali ntchito ina imene imadumphidwa kawirikawiri chifukwa ikachitika sioneka. Pansi pa dzenje ndi pamsewu wa matipa papondedwa mpaka kulimba. Mukayala dothi labwino pamwamba pa malo otere, madzi amalowa m'dothi lofewalo n'kuima pamalire, ndipo pamalo otsetsereka dothi lonse limaterereka limodzi. Mizu nayo ikafika pamenepo imapindikira m'mbali. Katapila ali ndi mano achitsulo kumbuyo kwake ong'ambira nthaka. Awalowetse masentimita 30 mpaka 50, akuyenda mopingasa chitunda, osati motsika. Mukafuna kudziwa ngati zachitika, tengani chitsulo cha lingibimu mvula itagwa, muchikanikize pansi ndi manja. Chikaima pa masentimita khumi, sanang'ambe.

Tsopano ndiye dothi libwerere, mwa dongosolo lomwe linachokera: lofiira pansi, lapamwamba pomaliza. Liyalidwe masentimita khumi kapena khumi ndi asanu, ndipo lisiyidwe lokakala. Anthu ambiri amasangalala gireda ikasalaza malo mpaka kunyezimira, koma malo osalala amathamangitsa madzi pamodzi ndi njere. Katapila akayenda kukwera ndi kutsika pakhoma kamodzi kokha, mapazi ake achitsulo amasiya timizere topingasa tomwe timagwira madzi ndi mbewu. Mitengo ndi nthambi zomwe zinagwetsedwa poswa malo zibwezedwe pamwamba, zisawotchedwe. Nthawi yake ndi Okutobala kapena Novembala. Dothi loyalidwa mu Juni limakhala pambalambanda miyezi isanu, mphepo ya mwera ikuliuluza, kenako chizimalupsa chimalipeza lopanda chophimba. N'chifukwa chake mapesi kapena udzu wouma woyala pamwamba ndi wofunika kuyambira tsiku loyamba.

Nanga ngati dothi lapamwamba linatayika kale, monga zilili m'maenje ambiri akale? Kukapala munda wina kuti mukwirire dzenje n'kusamutsa bala. Chomwe chimatheka ndi kuika chonde pamene mbewu ikhale: maenje odzalamo a masentimita 60 mbali zonse, odzazidwa ndi manyowa osakaniza ndi dothi la pachulu kapena matope ochotsedwa m'ngalande za msewu. Dothi lochepa lomwe lapezeka liikidwe m'zigawo zingapo zakuya bwino m'malo molimwaza ponseponse mpaka kusaoneka. Udzu ukamera m'zigawozo umafalikira wokha. Ntchito imatenga zaka zambiri kuposa pamene dothi linasungidwa, ndipo m'pofunika kunena zimenezi poyera.

Kusankha mbewu zoyamba ndi pamene mtima umasokeretsa anthu. Aliyense amafuna kuona mitengo, mango, mbawa, chimanga. Koma mbewu yoyamba ili ndi ntchito zitatu: kugwira dothi, kuliphimba, ndi kulidyetsa. Phindu la mwini munda limabwera pambuyo.

Chitsanzo chodziwika bwino mu Afirika chili ku Bamburi, pafupi ndi Mombasa ku Kenya, kumene kampani ya simenti inasiya chigwa cha miyala yoyera yopanda dothi n'komwe. Mu 1971 René Haller, katswiri wa zaulimi wochokera ku Switzerland, anayamba kuyesa mitundu 26 ya mitengo pamalopo. Itatu yokha ndiyo inapirira, ndipo wopambana unali kasuwarina, mtengo wa masamba onga singano umene mizu yake imatenga chakudya mumpweya. Koma masamba akewo ankangounjikana pansi osawola. Haller anaona kuti abongololo a miyendo yofiira amadya masambawo, anawatolera n'kuwamwaza m'nkhalango yatsopanoyo, ndipo ndowe zawo zinayamba kupanga dothi. Patapita zaka, mumthunzi ndi m'dothi limenelo anadzalamo mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa nyanja, ndipo malowo lero ndi Haller Park. Kasuwarina si yankho la Kasungu kapena Dedza. Chotengapo n'chakuti Haller anayesa mitundu yambiri pamalo ochepa asanadzale malo onse, ndipo mtengo woyambawo unali wokonzera ina malo.

Kwathu kuno chogwira dothi tili nacho kale, ndi vetiva amene alimi amadzala pa akalozera. Mizu yake imapita pansi mowongoka mamita awiri kapena atatu, sabereka njere zomera moti salowerera m'minda ya anthu, ndipo ukapsa ndi moto umaphukanso. Pakhoma lathu la mamita atatu pafunika mizere itatu yopingasa: umodzi pamwamba penipeni, iwiri m'kati, motalikirana mita imodzi potsika. Kuzungulira dzenje ndi pafupifupi mamita 300, choncho mizere itatu ndi mamita 900. Podzala motalikirana masentimita 15, pafunika mapando 6,000, phando lililonse timitsinde tiwiri kapena titatu, masamba atadulidwa kutsala chikhatho chimodzi. Chiwerengerochi chimadzidzimutsa, ndipo apa ndi pamene anthu amanyenga podzala motalikirana theka la mita. Vetiva wotalikirana sapanga mpanda. Madzi amadutsa m'mipata mwamphamvu n'kudula timigwembe pakati pa zitsa. Adzalidwe mvula itakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, ndipo pakatha mwezi m'mipata mwa zouma mubwerezedwe. Vetiva sakonda mthunzi, kotero mitengo isayandikire mizere yake.

Pakati pa mizere pafunika chophimba chofulumira. Kapinga amayanga msanga ndipo amapirira ziweto. Udzu wa tsekera wodulidwa njere zitakhwima n'kuyalidwa pakhoma umagwira ntchito ziwiri, kuphimba ndi kufesa. Pansi pa dzenje, pamene pagona, ndi malo a mbewu zodyetsa nthaka: ombwe, nandolo, kalongonda. Nandolo ali ndi muzu wolimba wolowa m'nthaka yovuta, ndipo amapatsa mwini munda ndiwo chaka choyamba chomwe, chinthu chimene chimamuchititsa kuti azilondera malowo. Ombwe mbuzi sizimudya. Koma ngati pansi pakhala dziwe loti muweteremo nsomba, ombwe akhale kutali, chifukwa masamba ake amapha nsomba. Dothi lofiira limagwira fosifolasi osamumasula, kotero manyowa kapena feteleza wokulitsa pang'ono podzala amathandiza mbewu zimenezi kuti ziyambe; kuthira yureya yekha kumangokokoloka.

Mitengo ibwere pamene udzu wagwira, kawirikawiri chaka chachiwiri. Mthethe, msangu ndi gilisidiya zimawonjezera chonde. Keshya amapirira chiswe ndi nthaka youma. Bulugamu amakula msanga, koma pansi pake udzu umachepa ndipo pakhoma lotsetsereka dothi limakokoloka mitengo ili chilili. Lukina amamwaza njere n'kudzaza ponseponse. Chimanga chidikire zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo chidzalidwe pansi pogona pokha, chifukwa khasu lopalira pakhoma limagumula zonse zimene vetiva wamanga.

Adani a chaka choyamba ndi mbuzi ndi moto. Anthu akakolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo dzenje lokonzedwa limakhala malo okhawo obiriwira m'deralo. Mpanda wa minga ndi lamulo la mfumu n'zofunika mofanana ndi mbewu, komanso kulambula mozungulira mu Meyi kapena Juni alenje a mbewa asanayambe kutentha tchire.

Kumapeto kwa dzinja loyamba malo amadziulula okha. Mukaima pakhoma n'kuyang'ana pansi pamapazi anu, zobiriwira ndi zinyalala zichuluke kuposa dothi looneka. Chisoso, bonongwe ndi udzu umene palibe anaudzala zikamera, ndiye kuti dothi lija linabwerera lamoyo. Pakamera zodzalidwa zokha, njere za m'dothimo zinafera pamulu. Kumtunda kwa mzere uliwonse wa vetiva kukhale dothi lounjikana. Timigwembe tolowa chala tingatsekedwe ndi miyala ndi udzu, koma tolowa mkono tikusonyeza kuti madzi akuchokera kumtunda, ndipo chokonza ndi ngalande. Zulani nandolo mmodzi: muzu ukhale wolunjika pansi, ndipo timaphundu ta pamizu tikaphwanyidwa tikhale tofiirira m'kati, chizindikiro chakuti tikugwira ntchito. Muzu wopindika ngati ndodo ya ambulera ukutanthauza kuti pansi sanang'ambe. Madzi akakhala pansi pa dzenje masiku oposa atatu mvula italeka, pamalo pomwe simunafune dziwe, potulukira patsekeka kapena pakwera.

Zonsezi zimafunika kulembedwa katapila asanalowe: kuya kwa dothi lochotsedwa, pamene mulu ukhale, muyezo wa makoma, kumene madzi atulukire, amene agule vetiva, ndi amene abwereze zouma. Pepalalo likhale ndi mwini munda, mfumu, ndi mkulu woona zachilengedwe ku ofesi ya bwanamkubwa. Pa ntchito zambiri za misewu, gawo la malipiro a kontirakitala limasungidwa mpaka zolakwika zitakonzedwa, ndipo kalata yosonyeza kuti mwini malo wakhutira ndi imodzi mwa zimene kontirakitala amafuna kuti atseke ntchito. Mwini munda asasayine kalatayo katapila akangochoka mu Okutobala. Apemphe kuti kuyendera komaliza kuchitike mu Epulo, mvula yonse itadutsa pamalopo, ndipo pokayendera atenge chitsulo cha lingibimu, nsungwi ya mamita atatu ndi khasu.